Mitundu ya webusayiti ya uchi: pomwe ndafika sabata ino

Ndikupitiriza kukonza webusayiti ya achemwali anga ogulitsa uchi. Chomwe anandipatsa ndi mtundu umodzi wokha, wobiriwira wa pa chizindikiro cha bizinesi yawo, #1B7E5D. Mitundu ina yonse iyenera kuchokera pamenepa.

Ndinayamba ndi kuulemba mu HSL, njira yolembera mtundu ndi manambala atatu, ndipo unatuluka `hsl(160, 65%, 30%)`. Nambala yoyamba ndi mtundu weniweniwo, yachiwiri ndi kukolera kwake, yachitatu ndi kuwala kwake. Ubwino wake ndi wakuti 160 uja ndimangomusiya pomwepo n'kumasintha ziwiri zinazo, mitundu yotulukayo imaoneka kuti ndi ya banja limodzi.

Ndisanapite patali ndinayeza kaye ngati zilembo zingawerengeke. Malamulo a WCAG 2.0, othandiza kuti aliyense azitha kugwiritsa ntchito mawebusayiti, omwe bungwe la W3C linatulutsa mu 2008, amati pa mlingo wapakati, wotchedwa AA, kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi pomwe zakhala kusachepere 4.5:1, pomwe zilembo zikuluzikulu zimaloledwa 3:1. Poyeza ndimagwiritsa ntchito WebAIM Contrast Checker. Wobiriwira wathu pamwamba pa woyera anapereka 5.0:1, kotero zilembo zoyera pa batani lobiriwira zikuwerengeka bwino.

Kenako ndinapanga mitundu iwiri yofewa yoyala kumbuyo kwa zilembo. Ndinatsitsa kukolera kufika pa 40% kuti isathobwe m'maso, n'kukweza kuwala kufika pa 95% ndi 90%. Ndi maso, iwiriyi imangofanana. Koma nditaikapo zilembo zobiriwira, wa 95% unapereka 4.6:1, wa 90% n'kupereka 4.2:1. Wina wapambana movutikira, mnzake walephera. Wa 90% ndimaukonda ndipo sindinafune kuutaya, choncho ndinapanga wobiriwira woderapo, wa kuwala 18%, woti ndizilembera pamenepo. Umenewu unapitirira 8:1.

Mitundu yotuwa sinandivute. M'malo motenga wakuda bii, ndinasiya 160 yemweyo ndi kukolera kwa 10% kokha, kuwala 15%. Munthu sangadziwe kuti muli kubiriwira, koma tsamba lonse limagwirizana. Pa woyera ukupereka pafupifupi 14.7:1.

Nthawi yambiri yathera pa mtundu wokopa maso, wa batani loitanitsira uchi. Pa gudumu la mitundu, woyang'anizana ndi 160 ndi 340, wofiirira wonga pinki. Anthu ambiri amalangiza kutenga umenewo, koma kwa ine pinki ndi uchi siziyenderana. Ndinasankha wachikasu wonga uchi womwewo, #F2A900.

Ndi wokongola, komatu zilembo zoyera pamwamba pake zinapereka 2.0:1 basi. Apa mpamene HSL amanamiza. Kuwala kwa chikasu chimenechi mu HSL ndi 47%, ndiye ungaganize kuti ndi mtundu wapakatikati woti woyera aonekerepo. Diso la munthu siliwerenga choncho. Powerengera kuwala komwe diso limaona, gawo lobiriwira limachulukitsidwa ndi 0.7152, lofiira ndi 0.2126, labuluu ndi 0.0722 yokha. Chikasu ndi kusakaniza kofiira ndi kobiriwira, magawo awiri olemerawo, n'chifukwa chake chimawala kwambiri. Yesani nokha: `hsl(60, 100%, 50%)` ndi `hsl(240, 100%, 50%)` onse ali pa 50%, koma pa woyera wachikasuyo amapereka 1.07:1 pomwe wabuluuyo amapereka 8.59:1.

Ndikanatha kuderetsa chikasucho mpaka woyera aoneke, koma chikasu chikadera chimasanduka chakhofi, uchi uja n'kuthawa. Ndiye mtundu ndinausiya momwe ulili, ndinasintha zilembo. Wotuwa wakuda uja pamwamba pa chikasu ukupereka 7.3:1.

Panatsala vuto lina. Chikasu pamwamba pa wobiriwira wa chizindikiro chikupereka 2.5:1, osafika n'komwe pa 3:1, ngakhale mitundu iwiriyi imaoneka yosiyana kutalitali. Yasiyana mtundu, koma pa kuwala yayandikana. Njira yachangu yodziwira zimenezi ndi kujambula sikirini n'kuchotsa mitundu yonse pa chithunzicho. Zikayamba kulowererana, pali vuto. Choncho kumutu kwa tsamba, komwe kuli batani lachikasu, ndayalako wobiriwira woderapo uja, ndipo pamenepo chikasu chikupereka 4.9:1.

Pakadali pano zili motere:

```css
:root {
  --wamkulu: #1B7E5D;
  --wodera: #104C38;
  --wofewa-95: #EDF7F4;
  --wofewa-90: #DBF0E9;
  --zilembo: #222A28;
  --wokopa: #F2A900;
}
```

Chikasu ndikuchiika pa batani limodzi lokha patsamba lililonse, chifukwa chikachuluka sichikopanso munthu. Ogula ambiri adzatsegula webusayitiyi pa foni, ena ali panja dzuwa likuswa mtengo, pomwe mitundu yofewa imazimiririka. N'chifukwa chake 4.6:1 uja sindikumudalira kwenikweni, ndipo zilembo zing'onozing'ono za mitengo ya uchi ndazilemba ndi wodera. Chotsatira ndi kupeza wofiira wa mauthenga ochenjeza munthu akalakwitsa nambala ya foni pa fomu, womwe uyenera kufika 4.5:1 pa woyera ndiponso pa #EDF7F4.