Tayala lotchipa kapena lodula: mmene ndinawerengera mtengo wake pa kilomita

Takisi yanga ndi Sienta yakale ija, imavala matayala a 175/70R14, ndipo ntchito yake yambiri ndi mu Lilongwe muno, nthawi zina kutuluka pa M1 kukasiya anthu ku Dowa kapena ku Dedza. Pa renki mkangano wa matayala sumatha. Ena amati kugula Dunlop kapena Bridgestone pa misewu yathuyi n'kutaya ndalama, ena amati lotchipa limakudyera mwakachetechete. Onsewa amalankhula za mtengo wa m'shopu, pomwe chimene tayala limandipatsa ine ndi makilomita. Ndiye ndinaganiza zowerengera kuti kilomita imodzi ikundidyera zingati pa mtundu uliwonse. Mitengo imene nditchule ndi ya nthawi imene ndinkagula, panopa yasintha, choncho ikani yanu m'malo mwake.

Choyamba ndinalemba ndalama zonse zimene zimatuluka m'thumba kuti matayala anayi akhale pa galimoto. Lotchipa linali K95,000 limodzi, lodula K190,000. Kuveka pa limu, valavu yatsopano ndi balansi zinkakwana K10,000 pa tayala, mtundu uliwonse. Alayimenti ndimapangitsa nthawi iliyonse ndikasintha seti, ndipo inali K25,000. Seti yotchipa inafika pa K445,000, yodula pa K825,000. Apa pali kale kanthu kamene anthu amakalumpha: m'shopu lodula limaoneka kuti ndi kawiri mtengo wa linzake, koma ukaphatikiza zovekera, kusiyanako kumachepa pang'ono, poti amene amaveka tayala safunsa dzina lake.

Mbali yovuta ndi kudziwa kuti tayala liyenda makilomita angati. Wogulitsa sangakuuzeni, ndipo akakuuzani musalembe. Kudikira kuti lithe ndiye kuti mwagula kale. Njira imene ndinagwiritsa ntchito ndi yoyeza mano a tayala, kapena kuti kuya kwa timizere timene timachotsa madzi, tsiku loveka, n'kudzayezanso galimoto itayenda makilomita 10,000.

Kachida koyezera kuyako n'kakang'ono, kali ndi kamsomali kamene kamalowa mu mzere n'kusonyeza mamilimita. Ngati mulibe, kamtengo ka machesi kamagwira ntchito: kalowetseni mpaka pansi pa mzere, kanikizani chikhadabo pamene kalekezera, kenako kayikeni pa lula. Chenjerani ndi timabampu timene timakhala mkati mwa mizere. Mukayang'ana m'mbali mwa tayala mupeza kachizindikiro, nthawi zambiri kamakona atatu kapena zilembo TWI, ndipo molunjika pamenepo mu mzere muli kabampu kotalika mamilimita 1.6. Kamenekako kamasonyeza malire a tayala. Mukayeza pamwamba pake mupeza nambala yabodza, ndiye muziyeza pambali pake.

Tayala lililonse ndimayeza malo atatu: mzere wa mkati, wa pakati ndi wa kunja. Ndimalemba nambala yaing'ono pa zitatuzo, chifukwa tayala limachoka pa galimoto mbali imodzi ikatha, ngakhale kwinako kukadali bwino. Kenako ndimalemba zimene mita ya makilomita ikusonyeza pa dashibodi. Galimoto zathu zobwera zogwiritsidwa kale ntchitozi zina mita yake inabwezedwa m'mbuyo, koma izi sizisokoneza kanthu, poti chimene tikufuna ndi kusiyana kwa nambala ya lero ndi ya tsiku loyezanso.

Otchipa aja anabwera ndi mano a mamilimita 7. Odula, amene ndinaveka seti yoyambayo itatha, anali ndi 8. Ine sindidikira kufika pa kabampu kaja. Ndimachotsa pa mamilimita 2, chifukwa mvula ya Januwale ikagwa madzi n'kudzaza pa tala, tayala la mano ochepa limayandama ndipo chiwongolero chimapepuka m'manja. Choncho mano ogwiritsa ntchito anali mamilimita 5 pa otchipa ndi 6 pa odula.

Sienta yanga imakoka ndi kutsogolo, ndiye matayala a kutsogolo ndi amene amakoka, kukhota ndi kunyamula mabuleki ambiri. Amatha msanga kuposa a kumbuyo. Mukayeza a kutsogolo okha, tayala lioneka loipa kuposa mmene lilili. Ine ndimawasinthanitsa, a kutsogolo kupita kumbuyo, nthawi yothira oyilo, ndipo powerengera ndimaphatikiza manambala a onse anayi n'kugawa ndi 4.

Pa makilomita 10,000, otchipa anatsika kuchoka pa 7 kufika pa 5. Ndiye kuti anadya mamilimita 2. Odula anatsika kuchoka pa 8 kufika pa 6.8, anadya 1.2 basi. Masamu ake ndi awa:

```
5 ÷ 2.0 × 10,000 = 25,000 km     445,000 ÷ 25,000 = K17.80
6 ÷ 1.2 × 10,000 = 50,000 km     825,000 ÷ 50,000 = K16.50
```

Mwa mawu, mumatenga mano ogwiritsa ntchito, kugawa ndi amene adyeka, kuchulukitsa ndi mtunda umene mwayenda. Zotsatira zake ndi moyo wa tayala. Mukagawa mtengo wa seti ndi moyowo, mwapeza mtengo wa kilomita imodzi. Kwa otchipa chiyerekezochi chinayandikira ndithu, ndinawachotsa atapitirira pang'ono mtunda umenewo. Sizodabwitsa, tayala latsopano limakonda kudya msangako poyamba kenako n'kukhazikika.

Lodula linapambana, koma ndi K1.30 yokha pa kilomita. Pa makilomita 50,000 ndi K65,000, yosakwana ngakhale tayala limodzi lotchipa. Anzanga a mbali zonse ziwiri sanasangalale nayo nambalayi, aliyense ankayembekezera kuti mnzake agonja kotheratu.

Nambala imene ndimaiona yothandiza kwambiri ndi ina. Ndinagawa K825,000 ndi K17.80, ndipo ndinapeza makilomita pafupifupi 46,300. Apa ndi pamene lodula limabweza ndalama zake. Likachoka pa galimoto lisanafike pamenepo, ndaluza. Ndipo pa misewu yathu tayala silimafa ndi ukalamba nthawi zonse.

Dzenje la pa tala la m'mphepete mokuthwa, ukaligunda usiku uli ndi anthu asanu ndi mmodzi ndi katundu kumbuyo, limapanikiza mbali ya tayala pa limu n'kudula ulusi wa mkati. M'mawa umapeza chotupa m'mbali ngati dzira. Chimenecho sichimatidwa. Ndinafunsapo mkulu amene amandivekera matayala ngati palibe chochita, ndipo anangogwira chotupacho ndi chala n'kunena kuti, "Bwana, apa ulusi waduka. Ndikamata ndikunamizani, lidzakuphulikirani muli ndi anthu." Msomali wolowa pamwamba, pa mano, amamata bwinobwino ndi ndalama yochepa, ndipo umalowa mu tayala la mtundu uliwonse, choncho sindiuwerengera n'komwe.

Chotupa ndiye ndimachiwerengera motere. Tayala likafa lili pa theka la moyo wake, ndataya theka la mtengo wake pamodzi ndi zovekera. Pa lotchipa ndi K52,500, pa lodula ndi K100,000. Ndikaika tayala limodzi lofa motere pa makilomita 50,000 mbali zonse, maseti awiri otchipa akufika pa K942,500, pomwe seti imodzi yodula ikufika pa K925,000. Pa kilomita ndi K18.85 ndi K18.50. Kusiyana kwatsala matambala 35. Akafa awiri mbali iliyonse, lotchipa latsogola. Ena amati lodula limapirira maenje kuposa linzake. Mwina n'zoona pa mitundu ina, koma ine sindiika mu kope chinthu chimene sindinachiyeze. Dalaivala amene amadziwa kuti chaka chilichonse amataya matayala awiri kapena atatu pa msewu wa kwawo ayike nambala imeneyo, ndipo yankho lake lisiyana ndi langa.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakokera ku lodula. China ndi nthawi. Takisi yoyenda makilomita 150 pa tsiku imamaliza 25,000 m'miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, ndiye ndi otchipa umakaima ku galaja kawiri pomwe mnzako waima kamodzi, ndipo theka la tsiku limenelo palibe chimene walowetsa. Chinacho n'chachikulu: seti yachiwiri sugula pa mtengo wa yoyamba. Matayala onse timaitanitsa kunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali ndi takisi nthawi imeneyo akukumbukira mmene mitengo inasinthira m'mashopu. Seti yachiwiri ikangokwera ndi K100,000, mtengo wa otchipa wakwera ndi K2 pa kilomita. Wogula lodula amakhala walipiriratu makilomita a chaka chonse pa mtengo wa lero. Vuto lake n'loti K825,000 iyenera kupezeka tsiku limodzi, ndipo ngati ndi ya katapila, chiwongoladzanja chimeza phindu lonselo mwezi usanathe.

Masamu onsewa amagwa ngati galimoto ndiyo ikudya matayala. N'chifukwa chake ndimayeza malo atatu. Mbali zonse ziwiri zikatha pakati pali bwino, mpweya unali wochepa. Pakati pokha pakatha, unachuluka. Mbali imodzi yokha, makamaka ya mkati imene sioneka pokhapokha mutakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, ndi alayimenti kapena zitsulo za kutsogolo zimene zayamba kugwedera. Likamatha modumphadumpha, poti pakwera poti patsika mukasisita ndi dzanja, kayang'anitseni mashoko. Manambala a tayala lotere musawagwiritse ntchito poweruza mtundu wake. Mpweya woyenera walembedwa pa kapepala kamene kali pa khomo la dalaivala, ndipo muziyeza m'mawa matayala asanatenthe.

Pogula ndimayang'ananso manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi DOT m'mbali mwa tayala. Awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka, moti 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Nthawi zina tayala la dzina lalikulu limatsika mtengo chifukwa lagona zaka zambiri, ndipo a kaunjika ambiri ndi otero. Mphira wake umauma n'kuyamba ming'alu mano akadalipo. Makilomita 50,000 aja musawayembekezere pamenepo.

Ine ndinakhazikika pa odula chifukwa maulendo anga ambiri ndi a pa tala ndipo ndimayendetsa ndekha. Galimoto ikanakhala m'manja mwa dalaivala wa tageti, wothamangira kukwanitsa ya bwana mu misewu ya fumbi ya ku Eriya 25 kapena ku Chinsapo, ndikanaveka otchipa. Chomaliza chimene ndinachita ndi kusintha nambalayo kuti igwirizane ndi mitengo imene ndimatchula kwa okwera. Mita imawerenga makilomita onse, ngakhale obwerera wopanda munthu. Kwa ine pafupifupi theka la mtunda limakhala lotero, ndiye K18.50 ija imasanduka K37 pa kilomita imene munthu walipira. Pa mitengo ya nthawi imeneyo, ulendo wa makilomita 20 ndinkauikira K740 ya matayala okha, ndisanawerengere mafuta.