Lachitatu, pa 12: PAYE, mafuta a lole ndi kope langa la pa desiki

Kwatsala masiku awiri kuti pa 14 pakwane, tsiku lomwe msonkho wa PAYE wa mwezi watha, womwe umachotsedwa pa malipiro a antchito, uyenera kukhala utafika ku MRA. Ntchito imeneyi imafuna mutu uli pamodzi: malipiro a munthu aliyense, msonkho wake, 5 peresenti yake ya penshoni ndi 10 peresenti yomwe kampani imaonjezerapo, zonse zigwirizane ndi zomwe zinatuluka ku banki. Koma ofesi yathu ili kuseri kwa shopu ya zipangizo zomangira, chakuno ku Malangalanga, ndipo chitseko changa sichikhala chotseka. Aliyense wofuna risiti, siginecha kapena ndalama amathera kwa ine.

Pa ndondomeko ya tsiku langa pali mipata iwiri yomwe sindiikapo ntchito ina iliyonse: 11:00 mpaka 11:40, ndi 3:30 mpaka 4:15 madzulo. Imeneyi ndi ya zinthu zobwera mwadzidzidzi. Wa m'mawa ndinauika pamenepo dala, kuti chinthu chikafuna ku banki nthawi ikhale ikadalipo. Ndiye pambali pa kompyuta pamakhala kope lotsegula. Chilichonse chobwera ndimachilemba mzere umodzi: nthawi, wapempha ndani, akufuna chiyani kwenikweni, chikufunika liti, ndi mphindi zomwe ndikuganiza kuti chingadye.

Woyamba anali a dalaivala, cha m'ma 8:40. Lole itapakira kale simenti, akufuna ndalama ya mafuta kuti akatule katundu ku Kanengo. Ichi sichinalowe mu kope ngati chodikira. Muyeso wanga ndi wakuti, ngati galimoto, kasitomala kapena katundu waima chifukwa cha ine, ndimadzuka pompo. Chomwe ndinachita ndisanadzuke ndi kulemba kuti ndalekezera pa mzere 17 wa fayilo ya PAYE, penshoni sindinaichotse. Kamzere kameneka n'kofunika kwambiri. Popanda iko ndikabwerera ndimayambanso kuwerenga kuchokera pamwamba, ndipo pomwepo ndi pomwe munthu amachotsera penshoni kawiri.

Cha m'ma 9:15 analowa achemwali a ku kauntala. Kasitomala wa ku Mchinji akuti akufuna sitetimenti ya zonse anagula miyezi itatu. Anabwera akuthamanga, ndipo aliyense akanawaona akanati zavuta.

"Achemwali, ikufunika liti?"

Anaima kaye. "Akuti abwera Lachisanu."

Funso limeneli ndi lomwe limandipulumutsira tsiku. Anthu ambiri amabwera mothamanga chifukwa akumbukira nthawi yomweyo ndipo akuopa kuiwala, osati chifukwa chinthucho chapsa. Ndinalemba iwo akuona, n'kuwauza kuti madzulo isanakwane 4:15 adzaipeza pa kauntala. Kulemba munthu akuona ndi kumuuza nthawi ndi theka la ntchito yonse. Kungoti "ndiona" n'kumuitana kuti abwerenso 10 koloko kudzafunsa, kenako 11.

Chovuta chinabwera 9:30. Abwana anatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp kuti akufuna kudziwa ngongole zonse zomwe makasitomala ali nazo. Abwana suwauza kuti adikire, ndipo ine sindifuna n'komwe kuyankhula nawo choncho. Ndinayankha kuti: "Bwana, ndili pa PAYE yomwe ikufunika pa 14. Ndiisiye ndiyambe za ngongolezi, kapena ndikupatseni ikamakwana 11:30?" Anati 11:30 ili bwino, msonkhano wawo ndi wa 2 koloko. Kusankhako kumakhala kwawo, ine ndimangowaonetsa chomwe chiime akati ndisiye. Tsiku lina adzati siyani zonse, ndipo ndidzasiya, chifukwa iwo amaona zina zomwe ine sindiziona ndili pa desiki pano.

Pafupifupi 10 koloko bambo wina wonyamula katundu anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Mwana wadwala, akupempha kuti atapeko pa malipiro. Apa kope silibwera poyamba. Ndinawapatsa mpando, tinalonjerana, ndinafunsa za mwanayo, ali kuti, apita naye liti ku chipatala. Anati mayi ake anyamuka naye masana. Pempho lotere limafuna siginecha ya abwana, choncho ndinawauza kuti ndilitengera limodzi ndi za ngongole zija, ndipo isanakwane 12 koloko akhala atamva. Mu kope ndinangolemba zilembo zoyamba za dzina lawo ndi mawu akuti "kwa abwana", poti kope limakhala poyera ndipo za m'nyumba mwa munthu si za aliyense wodutsa.

Zina zinali zing'onozing'ono: risiti yotayika, foni ya wogulitsa utoto kufunsa za cheke chake. Anthu ena amati chinthu cha mphindi ziwiri ungochichitiratu. Ndimavomereza pa tsiku wamba, koma osati ndili pakati pa manambala a malipiro, chifukwa mphindi ziwirizo zimabwera ndi zina khumi zofunafuna pomwe maganizo anali. Zonse zinalembedwa.

11 koloko itakwana ndinatseka fayilo ya PAYE n'kuwerenga kope. Ngongole za abwana mphindi 20, pempho la bambo uja 10, cheke cha utoto 5, risiti 5, sitetimenti ya ku Mchinji 20. Pamodzi ola lathunthu, pomwe mpata ndi wa mphindi 40. Sinditsata kuti anayamba kubwera ndani, ndimatsata chomwe nthawi yake ithe msanga. Ndinayamba ndi fomu ya bambo uja, kenako ngongole, n'kupita nazo zonse kwa abwana ulendo umodzi. Anasaina, bamboyo analandira, ndinaona akuimba foni kunyumba ali panja. Wa utoto ndinamuimbira, risiti inapezeka. Sitetimenti inatsalira mpata wa madzulo monga ndinalonjezera, ndipo inatheka.

PAYE ndinaimaliza cha m'ma 3 koloko. Mawa m'mawa ndiiwerenganso ndi maso atsopano ndisanaiike pa Msonkho Online, njira ya MRA ya pa intaneti.

Ndili mu minibasi yopita ku Area 25, titaima pa mzere wa magalimoto, ndinatsegula kope n'kubwerera masamba a m'mbuyo. Njirayi ikayamba kufa imaonekera momwemu. Chinthu chikasamutsidwa tsamba ndi tsamba osachitika, ndiye kuti si cha mu mpata: mwina n'chachikulu, chikufuna nthawi yakeyake pa ndondomeko, kapena si changa, ndikuyenera kuchibweza kwa mwini wake. Mpata ukamasefukira tsiku ndi tsiku, ndiye kuti ndi waung'ono kapena mukulowa zinthu zomwe si zadzidzidzi. Ndipo anthu akayambanso kubwera kudzafunsa kuti "zija zili pati", ndiye kuti pena pake nthawi yomwe ndinalonjeza sinasungidwe. Chimene ndimachiopa kuposa zonsezi ndi munthu kuona kuti 11 koloko ndilibe cholembedwa n'kuikapo msonkhano, chifukwa tsiku limenelo kope limangodzaza popanda nthawi yolitsitsira.

Chomwe ndachiona lero ndi ndalama ya mafuta. Ikupezeka pafupifupi tsamba lililonse, nthawi yake imodzimodzi, pakati pa 8 ndi 9 koloko. Chinthu chobwera m'mawa uliwonse sichingakhale chadzidzidzi. Ndawalembera a dalaivala kuti kuyambira mawa azindiuza maulendo a tsiku lotsatira isanakwane 4 koloko madzulo, ine ndizikonzeratu ndalama ndi fomu yake mu mpata wa madzulo, m'mawa azingosaina n'kunyamuka. Ayankha kuti zili bwino, bola a ku sitolo nawonso aziwauza msanga komwe katundu akupita. Nkhani imeneyo ndikayankhula ndi a ku sitolo mawa 11 koloko, ndailemba kale pa tsamba la Lachinayi.