Sabata yomwe tinasakasaka deta yodontha

Lolemba mnzanga wa kuntchito anabwera ndi zotsatira za modelo yathu yatsopano yolosera masewero a mpira wa miyendo. Pa masewero 100 alionse, inkalosera molondola oposa 70. Iye anali wokondwa, koma ine mtima unandigunda. Mpira uli ndi mathero atatu: eni bwalo kupambana, alendo kupambana, kapena kufanana mphamvu. M'maligi akuluakulu, ngakhale mamodelo abwino amangopitirira theka pang'ono, chifukwa zigoli zimakhala zochepa ndipo chimodzi changozi chimatembenuza masewero onse. Nambala ikakwera chonchi, kawirikawiri ndiye kuti deta yadontha, kutanthauza kuti modelo ikuona zinthu zomwe sizikanadziwika masewero asanayambe. Ili ngati wophunzira wolowa m'mayeso ndi likasa.

Lachiwiri tinakhala pansi n'kumayang'ana danga lililonse la tebulo lathu, tikufunsa funso limodzi: kodi nambala iyi inalipo kale oimbira asanalize wezulo? Tinakodwa pa avereji ya zigoli za timu m'masewero asanu apitawo. Titenge timu yomwe inagoletsa 0, 1, 0, 2, 1, kenaka pa masewero omwe tikulosera n'kugoletsa 4. Avereji yoyenera ndi 0.8. Koma pulogalamu yathu inkawerengera masewero omwewo pakati pa asanu aja, n'kutenga 1, 0, 2, 1, 4, zomwe zimapereka 1.6. Choncho timu ikagoletsa zambiri, nambala yake inkakwera pa mzere womwewo, ndipo modelo inaphunzira kuwerenga yankho m'malo molosera. Kukonza kwake n'kochepa:

```python
df = df.sort_values("date")
df["form5"] = df.groupby("team")["goals"].transform(
    lambda s: s.shift(1).rolling(5).mean()
)
```

`shift(1)` ndiyo imakankhira zonse m'mbuyo ndi sitepe imodzi kuti zigoli za tsikulo zisalowe. Kusanja kukhalenso kwa tsiku lenileni lomwe mpira unaseweredwa, osati nambala ya sabata pa ndandanda ya ligi. Masewero oimitsidwa amatha kuseweredwa patapita miyezi iwiri, ndipo mukawasiya pamalo pake pakale, zotsatira zake zimalowa mu avereji ya masewero omwe anachitika iwo asanaseweredwe.

Lachitatu linali losavuta. Tinachotsa malo omwe timu inathera pa ligi kumapeto kwa sizoni, chifukwa pakati pa sizoni palibe amene amawadziwa.

Ntchito yomwe ndimaiona kuti ndi yaikulu inali ya Lachinayi, kusintha kayesedwe. Poyamba tinkagwiritsa ntchito `KFold` yokhala ndi `shuffle=True`, yomwe imasakaniza masewero onse n'kupatula ena mwachisawawa kuti akhale oyesera. Potero modelo imaphunzira pa masewero a kumapeto kwa sizoni, kenaka n'kufunsidwa za kumayambiriro kwake, itadziwa kale timu yomwe inadzakhala yamphamvu chakacho. Pa ntchito yeniyeni mwayi umenewo kulibe. Ndiye tinayamba kuyesa motsata nthawi: kuphunzitsa pa masizoni atatu oyamba n'kuyesa pa yachinayi, kenaka kuphunzitsa pa anayi n'kuyesa pa yachisanu. Ligi ya matimu 20 imakhala ndi masewero 380 pa sizoni, omwe si ambiri, choncho zotsatira za sizoni imodzi siziyenera kukhulupiriridwa pazokha.

Mnzanga anafuna tingotenga `TimeSeriesSplit`, chida chokonzedwa kale chogawa deta motsata nthawi, koma ndinakana. Iyo imadula powerenga mizere, siyang'ana tsiku. Tebulo lathu lili ndi mizere iwiri pa masewero amodzi, wa eni bwalo ndi wa alendo, ndipo mpeni utagwera pakati pake, theka la masewerowo likanakhala kophunzirira, theka lina koyesera. Tinadula potengera tsiku. Sizoni yomaliza tinaiika padera, ndipo tidzaiyesa kamodzi kokha zonse zikatha, chifukwa kuibwereza posankha makonzedwe a modelo nakonso n'kudontha. Kuyesa motsata nthawi kuja kunaonetsanso kuti modelo inkakokera kwambiri kwa eni bwalo pa masewero a mu 2020, pomwe mliri wa korona unachititsa kuti aziseweredwa popanda oonerera ndipo mwayi wosewerera pakhomo unachepa m'maligi ambiri.

Pofika Lachisanu, 70 uja anali atatsika kufika pongopitirira theka. Tinayang'ananso `log_loss`, yomwe imalanga modelo ikalosera motsimikiza kwambiri n'kuphonya, choncho nambala yake ikakhala yochepa ndiye kuti zili bwino. Wongogawa mwayi mofanana pa mathero atatu aja amapeza pafupifupi 1.099, ndipo ife tili pansi pake, ngakhale si patali. Mnzanga anakhumudwa, koma iyi ndi nambala yomwe ndingaimirire nayo pamaso pa akuluakulu athu.

Tinatsekera sabata ndi nkhani ya mayina a osewera oyamba. Amathandiza modelo ndithu, koma amalengezedwa kutatsala pafupifupi ola limodzi kuti mpira uyambe, pomwe ife timatulutsa maulosi athu kutatsala tsiku lathunthu. Tawachotsa nawonso, ndipo Lolemba tiyesa kuika m'malo mwake mndandanda wa osewera omwe akugwira chilango cha makhadi, chifukwa umenewo umadziwika masiku angapo masewero asanafike.