Chithunzi cha mwana wa ku Joni

Sabata ino pa situdiyo yathu ku Salima kuno zinali za masiku onse: zithunzi za pasipoti, makhadi a ukwati, magetsi kuthimathima. Yomwe inandisowetsa tulo ndi ntchito ya Lachitatu.

Mayi ena anabwera ndi chithunzi cha banja chojambulidwa pa chinkhoswe ku Senga Bay. Mwana wawo wamwamuna ali ku Joni, ndiye ankafuna naye aonekemo. Abwana, osayang'ana n'komwe, anawalonjeza kuti ntchitoyo itha pa ola limodzi. Izi zimandipweteka, chifukwa amene amachita manyazi kasitomala akadandaula ndi ine.

Chithunzi cha mnyamatayo anachita kudzijambula yekha m'nyumba, foni ili m'mwamba, babu ali pamutu. Mutu unakula, mapewa n'kuchepa, m'maso muli mdima. Pomwe abale ake anajambulidwa panja, dzuwa likuwomba kuchokera kumanzere kwa chithunzi. Zimenezi Curves, chida cha mu Photoshop chosinthira kuwala, singakonze. Ndinati, "Mayi, muwaimbire ajambulitsenso panja, dzuwa likhale kumanzere kwa wojambula, wojambulayo aime patali mapazi anayi, foni pachifuwa." Ndinatsindika kuti atumize ngati Document, poti WhatsApp imafinya zithunzi.

Chitafika Lachinayi, ndinawafunsa msinkhu wake. Anati amalekeza m'khutu mwa mkulu wake. Ndinamuika mzere wakumbuyo pafupi ndi mkuluyo kuti mapazi abisike, n'kutsitsa Opacity kufika pa 50% kuti za kuseri kwake zizionekera, ndifanizire mitu yawo, kuyambira pachibwano mpaka pachipumi. Kufanizira ndi a mzere wakutsogolo n'kulakwa, iwo ali pafupi ndi kamera.

Ntchito yeniyeni inali m'mphepete. Anaima kutsogolo kwa khoma loyera, choncho nditamudula ndi Pen Tool panatsala kamzere koyera kuzungulira jekete ndi tsitsi, ngati munthu womata ndi guluu. Ndinakachotsa ndi Defringe, n'kufewetsa m'mphepetemo ndi Feather ya pikiselo imodzi yokha. Mukapyola pamenepo munthu amaoneka ngati ali mu nkhungu. Foni yake inalinso yakuthwa kuposa ya pachinkhoswe, ndiye ndinamupaka Gaussian Blur pang'ono ndi Add Noise mpaka khungu lake linafanana ndi la abale ake. Kenako mthunzi wake pa phewa la mlongo wake amene anaima kumanja kwa chithunzi, pa Multiply. Popanda mthunziwo amangoyandama.

Ndisanasindikize ndimayamba ndachiona pa Black & White. Mitundu ikachoka, nkhope yowala mosiyana ndi zinzake imaonekeratu.

Komabe pepala loyamba linatuluka lofiirira, chifukwa sikirini yathu imanama mitundu. Ndakhala ndikuwauza abwana miyezi ingapo. Pepala lina lataika, ndipo akuti adula pa malipiro anga.

Mayi aja anachitenga Lachisanu. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pa nkhope ya mwana wawo, n'kufunsa mtengo wa fulemu.