Malipiro atsika ndi K10,800: momwe ndinawerengeranso peyisilipi yanga

Ku ofesi ya za malipiro anangondiuza kuti "ndi kompyuta imawerenga." Kompyuta imawerenga zomwe munthu waikamo, ndipo tsiku lonse linathera pa benchi, a akawunti akundiloza kwa oona za antchito, enawo akundibweza kwa a akawunti. Nkhani yoti munthu wokhala ndi pepala ndi cholembera akhoza kuithetsa tiyi asanazizire.

Musayambire pa ndalama yomwe yalowa ku banki. Yambirani pamwamba, pa mzere wa Gross Pay. Pa yanga panali malipiro a pa mgwirizano K600,000 ndi ovataimu K80,000, zonse pamodzi K680,000. Msonkho wa PAYE umawerengedwa pa K680,000 yonseyo, ndipo umadulidwa m'magawo. Mwezi umenewo tinali pa magawo omwe anayamba mu Epulo 2024: K150,000 yoyamba siidulidwa kanthu, K350,000 yotsatira imadulidwa 25 peresenti, kuchokera pamenepo mpaka K2,550,000 ndi 30 peresenti, kupitirira apo 35 peresenti. Magawowa amasintha ndi bajeti ya boma, choncho tengani ku MRA a mwezi womwe mukuwerengawo, osati omwe mukuwakumbukira.

Tiyeni tsono. Gawo lachiwiri likupereka K87,500. Zotsala pamwamba pa K500,000 ndi K180,000, ndipo 30 peresenti yake ndi K54,000. PAYE yonse ndi K141,500. Apa peyisilipi inali yolondola ndithu.

Ambiri amasochera pa penshoni. Amayamba achotsa ndalama ya penshoni, kenako n'kuwerenga msonkho pa zotsalazo. Kuno ku Malawi sizitero: gawo lomwe wantchito amasonkha ku penshoni silichepetsa ndalama yodulidwa msonkho. Mukatero pa malipiro ngati angawa mupeza K132,500, mupita kukakalipa kuti akuberani K9,000, ndipo mubwerako ndi manyazi. A akawunti akakugwirani pa chimodzi cholakwika, zinazo samvanso.

Penshoniyo payokha, lamulo limati wantchito asonkhe zosachepera 5 peresenti, bwana aikepo zosachepera 10 peresenti. Funso ndi lakuti 5 peresenti ya chiyani. Yankho lili m'kalata yanu ya ntchito ndi m'malamulo a thumba la penshoni. Kwathu ndi malipiro okhazikika okha, ovataimu salowamo. Ndiye inayenera kukhala K30,000. Iwo anadula K34,000, kutanthauza kuti wina anaiwerengera pa K680,000. Kuzindikira kwake n'kosavuta: ngati malipiro anu okhazikika sanasinthe koma penshoni ikukwera ndi kutsika mwezi ndi mwezi, akuiwerengera pa ndalama yolakwika. Mwina mungati palibe vuto, ndalamayo ndi yanu yomwe. Inde, ngati inafikadi ku thumbako. Pemphani sitetimenti yanu ya penshoni. Pa K600,000 payenera kumalowa K90,000 mwezi uliwonse, K30,000 yanu ndi K60,000 ya abwana. Ya abwanayo ikhoza kulembedwa pa peyisilipi kuti muione, koma isalowe m'gulu la zochotsera.

Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri ndi kamzere kapansi kolembedwa Levy, K6,800. Palibe anafuna kundiuza kuti n'chiyani. Gawani nokha: 6,800 pa 680,000 ndi 1 peresenti ndendende. Ndi msonkho wa TEVET umenewo, wothandizira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo amalipira ndi wolemba ntchito kuchokera m'thumba mwake. Wantchito sadulidwa. Nditanena izi, yankho linali lakuti "tifunsa kaye." Mufunsa ndani, pomwe ndinu amene mumatumiza ndalamayo? Pamzere uliwonse wosadziwika bwino chitani chimodzimodzi: ugaweni ndi Gross Pay, kenako ndi malipiro okhazikika. Mukapeza peresenti yosalala, mwadziwa komwe wachokera.

Ndaiwala ngongole ya ku SACCO, K60,000. Imeneyo ndinasainira ndekha, ndiye palibe chodandaula, kungoti fananitsani ndi ndandanda ya kabwezedwe, chifukwa ngongole imatha koma kudula n'kumapitirira ngati palibe wauza a malipiro.

Kuwonkhetsa kwake: pa K680,000 chotsani K141,500, K30,000 ndi K60,000, patsala K448,500. Pa Net Pay analemba K437,700. Kusiyana kwake K10,800, yomwe ndi K4,000 ya penshoni kuphatikiza K6,800 ija. Ngati kusiyana kwanu sikukukwanirana ndi zolakwika zomwe mwapeza, musanyamuke, chilipo china chabisala. Bwererani pamwamba, pa Gross Pay, muone ngati maola a ovataimu ndi maalawansi onse alowa.

Zapakamwa sizinayende. Zinayenda nditalemba kalata ya tsamba limodzi, masamu onsewa ali pomwepo, kope la peyisilipi ndi la kalata ya ntchito zili kumbuyo, ndi kuwapempha adinde kope langa kuti alandira. Anabweza pa malipiro otsatira. Pamenepanso yang'anitsitsani: ndalama yobwezayo inadulidwa kale msonkho, choncho aiwonjezere pansi, PAYE itawerengedwa kale. Akaiponya mu Gross Pay, 30 peresenti idyanso K3,240 pa K10,800 yanuyo.