Sabata imene ndinapempha kasitomala watsopano kuti alipiriretu oda yonse

Ndimayang'anira kampani yaing'ono yodinda mawu ndi zizindikiro pa matisheti, ndipo udindo wokambirana ndi makasitomala za mitengo ndi kalipiridwe uli m'manja mwanga. Lolemba la sabata yathayi ndinalandira uthenga kuchokera kwa mayi wina woona zogulagula ku bungwe limene sitinagwirepo nalo ntchito, wofunsa ngati tingawakonzere matisheti 600 a msonkhano wawo waukulu umene unali utatsala masabata atatu kuti uchitike. Kutsogolo ankafuna chizindikiro cha bungwelo cha mitundu iwiri, pamene kumbuyo ankafuna mutu wa msonkhano ndi tsiku lake. Kwa kampani ya msinkhu wathu imeneyi ndi oda yaikulu, yoti ikhoza kutipatsa mpumulo mwezi wonse ikayenda bwino, komanso yoti ikhoza kudya mpamba wathu ikapanda kulipiridwa.

Tsiku lomwelo ndinatumiza kotesheni, ndipo m'munsi mwa mtengo ndinalemba momveka bwino kuti popeza aka n'koyamba kugulana, ntchito idzayamba ndalama yonse ikalowa mu akaunti ya kampani. Mawu amenewa ndimawaika mu kotesheni yoyambirira mwadala. Munthu akavomera mtengo kenako n'kuuzidwa pambuyo pake kuti alipiriretu, amaona ngati wogulitsayo wamukayikira atamva kalankhulidwe kake, koma akaziwerenga pamodzi ndi mtengo amazindikira kuti ndi dongosolo limene linalipo iye asanabwere.

Lachiwiri m'mawa mayi aja anandiimbira foni. Sanadandaule za mtengo, koma anati bungwe lawo limapereka kalata yotsimikizira oda, kenako limalipira pakatha masiku 30 katundu atafika, ndipo ngati zimenezo zikutivuta akhoza kupempha akuluakulu awo kuti apereke theka. Anafunsanso mosapita m'mbali ngati tinkawaganizira kuti athawa ndi matisheti.

Ndinawayankha kuti, "Mayi, nkhaniyi sikukhudza kukhulupirika kwanu, chifukwa lamuloli timaligwiritsa ntchito kwa aliyense amene akubwera koyamba ndi oda yaikulu ya katundu wodindidwa dzina lake. Ndiloleni ndikufotokozereni kumene ndalama yanu ipite, kenako muone nokha ngati theka lingakwanire."

Zimene ndinawafotokozera ndi zimene ndinawerengera ndisanatumize kotesheni. Pa mtengo wonse wa oda imeneyi, 55 peresenti ndi yogulira matisheti osadinda kwa opikulitsa, ndipo 10 peresenti ndi ya inki ndi kukonza masikirini, amene ndi mafelemu a nsalu yopyapyala yodutsitsa inki podinda, poti mtundu uliwonse wa chizindikiro umafuna sikirini yakeyake. Ndalama imeneyi, imene ndi 65 peresenti, imatuluka m'thumba mwathu tisanadinde tisheti ngakhale imodzi, ndipo opikulitsa amene timagulako satipatsa katundu wochuluka chotere pa ngongole. Choncho theka limene anthu ambiri amaliona ngati malire achilungamo silikwanira n'komwe kugula zipangizo. Malipiro a ogwira ntchito, magetsi, lendi ndi mayendedwe zimatenga pafupifupi 23 peresenti, ndipo phindu lathu limatsala 12 peresenti yokha. Za phinduzo sindinawauze, poti imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba, koma ndi zimene zimandichititsa kuumirira. Titalandira theka, n'kumaliza ntchito yonse, kasitomala n'kulephera kumaliza kulipira, timakhala titawononga 88 peresenti titalandira 50 yokha, ndipo kuti titseke dzenje la 38 peresenti limenelo pamafunika phindu la maoda ena oposa atatu a kukula komweko.

Chifukwa chachiwiri, chimene kwa ine n'cholemera kuposa choyamba, n'chakuti katunduyu alibe wogula wina. Wogulitsa matisheti osadinda akakanidwa ndi kasitomala amangowabwezera pa shelefu n'kudikira wina, koma tisheti yokhala ndi dzina la bungwe ndi tsiku la msonkhano ili ndi mwini mmodzi yekha padziko, ndipo ngakhale kwa mwiniyo imatha ntchito tsikulo likadutsa. Inki imene yaumitsidwa ndi moto sichoka pa nsalu. Ndinawauza mayi aja kuti vuto nthawi zambiri silikhala kuba ayi, koma zinthu zimene woitanitsa katundu sangazilamulire, monga msonkhano kulepheretseka, ndalama imene bungwe linkayembekezera kuchedwa, kapena mkulu amene anavomereza oda kusinthidwa. Kalata yotsimikizira oda ndi lonjezo labwino, ndipo ikhoza kutithandiza ngati nkhani yafika ku khoti, koma sindingapite nayo kwa opikulitsa kuti andipatse katundu, ndiponso sindingalipire nayo antchito pa mapeto a mwezi.

Mayi aja anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako ananena mawu amene ndinkawayembekezera, akuti iwonso satidziwa, ndipo akapereka ndalama yonse ife n'kuchedwetsa katundu kapena kubweretsa zosaoneka bwino, amene akayankhe mafunso ku ofesi ndi iwowo. Mantha amenewa ndi oyenera, ndipo ndimaona kuti amalonda anzanga ambiri amalakwitsa pamenepa. Amafotokoza chiopsezo chawo mwaluso, koma amaiwala kuti kulipiriratu kumachotsa chiopsezo chonse pa wogulitsa n'kuchisenzetsa wogula, kotero kuti wopemphayo ayenera kupereka chinachake chogwirika m'malo mwake. Ndinawapempha kuti abwere kudzaona malo athu asanasankhe chilichonse.

Anabwera Lachitatu masana limodzi ndi bambo wina wa ku ofesi yawo ya zachuma. Anaona makina, anaona ntchito imene inali mkati, ndipo ndinawaonetsa satifiketi ya kulembetsa kampani kuti atsimikize kuti dzina lili pa akaunti ya ku banki ndi lomwelo lili pa satifiketi. Munthu wolipira ndalama yambiri ku kampani imene sakuidziwa ayenera kukayikira akapatsidwa akaunti ya dzina la munthu payekha. Ndinawapatsanso manambala a makasitomala awiri akale, amene ndinali nditawapempha kale chilolezo, kuti awafunse okha popanda ine.

Nthawi yambiri tinaithera pa mgwirizano wolembedwa. Tinalembamo kuchuluka kwa matisheti pa saizi iliyonse, mtundu ndi kulemera kwa nsalu, komanso tsiku loperekera katundu, limene tinaliika masiku asanu msonkhano usanachitike kuti pakhale mpata wokonza cholakwika. Tinagwirizana kuti tidzadinda tisheti imodzi yachitsanzo, iwo n'kuivomereza posainira, ndipo katundu yense adzayezedwa ndi chitsanzo chimenecho, kuti pasadzakhale kukangana za kuwala kwa mtundu kapena kukula kwa chizindikiro. Tisheti iliyonse yosiyana ndi chitsanzo tidzaidindanso mwaulere. Tikalephera kupereka katundu pa tsiku limene tinalonjeza, tidzabweza ndalama ya katundu yense wosaperekedwayo pasanathe masiku asanu ndi awiri. Iwo akasintha maganizo tisanagule zipangizo, tidzabweza ndalama yonse, pamene akasintha titagula kale koma tisanadinde, adzatenga matisheti osadindawo ndipo tidzabweza yotsalayo titachotsa ya inki ndi masikirini. Bambo wa zachuma uja anawerenga ndime ya kubweza ndalama kawiri, n'kupempha kuti tiwonjezere mawu akuti ndalamayo idzabwerera mu akaunti imene inachokera, ndipo ndinavomera mosavuta chifukwa mawu amenewo amatitetezanso ifeyo kwa anthu amene amalipira kuchokera kwina n'kupempha kuti abwezeredwe kwina.

Ndinawapatsanso njira ina ngati kulipira zonse nthawi imodzi kukanawalemera, yakuti tigawe odayo pawiri, matisheti 300 ulendo uliwonse, gawo lililonse lilipiriridwetu lonse lisanayambe. Mwa njira imeneyi ife sitigwira ntchito imene sinalipiridwe, ndipo iwo saika pachiswe ndalama yoposa theka pa nthawi imodzi. Sindinawabisire kuipa kwake. Matisheti ogulidwa pa nthawi zosiyana akhoza kuchokera ku magulu osiyana a kunyika utoto ku fakitale, moti mtundu umasiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera kwambiri anthu akaima pamodzi pojambulitsa. Komanso saizi zina zikhoza kutha kwa opikulitsa pamene tikudikira malipiro achiwiri, ndipo masabata atatu sapereka mpata wa kuchedwa kotere. Ananena kuti akakambirana ndi mkulu wawo.

Lachinayi m'mawa anandiuza kuti asankha kulipira zonse nthawi imodzi, ndipo masana ananditumizira chithunzi cha umboni wa malipiro, n'kupempha kuti tiyambe kugula zipangizo tsiku lomwelo. Nditayang'ana mu akaunti, ndalamayo inali isanaonekere. Ndinawathokoza, n'kuwauza kuti ndalama yochokera ku banki ina nthawi zina imatenga tsiku kapena kuposerapo, ndipo tidzayamba ikangoonekera, monga mmene mgwirizano ukunenera. Chithunzi chimangosonyeza kuti wina walamula banki kuti itumize ndalama, ndipo chikhoza kupekedwa mosavuta, pamene lamulolo likhoza kukanidwa kapena kubwezedwa. N'chimodzimodzi ndi cheke, chimene chikhoza kuoneka pa sitetimenti ngati chalowa koma banki isanachitsimikize, n'chifukwa chake ndimayang'ana ndalama imene ndikutha kuigwiritsa ntchito, osati imene yangolembedwa. Pofuna kuti tsikulo lisapite pachabe, ndinaimbira opikulitsa kuti atisungire saizi zonse mpaka mawa lake, ndipo mnyamata wathu wojambula anamaliza kulekanitsa mitundu ya chizindikiro pa kompyuta, zinthu zimene sizitidyera ndalama.

Ndalama inaonekera Lachisanu chakum'mawa. Ndinatumiza lisiti ndi invoisi yosonyeza kuti yalipiridwa yonse, ndipo m'mabuku athu ndinailemba ngati ndalama ya kasitomala imene tikusunga, chifukwa mpaka katundu ataperekedwa imeneyo ndi ngongole yathu kwa iwo. Gawo limene silinapite kwa opikulitsa ndinaliika padera kuti lisasakanikirane ndi ndalama yoyendetsera ntchito zina, apo ayi ndime ya kubweza ndalama ija ikanakhala mawu chabe. Madzulo matisheti anafika, tinawawerenga pa saizi iliyonse, ndipo ndinatumizira mayi aja zithunzi za makatoni pamodzi ndi nthawi yoti adzaone chitsanzo Lolemba.

Poyankha anafunsa ngati oda yotsatira adzafunikanso kulipiriratu yonse. Ndinawauza kuti odayi ikatha bwino mbali zonse ziwiri, ulendo wotsatira tidzapempha 65 peresenti yogulira zipangizo, ndipo yotsalayo adzalipira pa tsiku lotenga katundu. Za masiku 30 zija tidzakambirana tikagulana kwa nthawi ndithu, ndipo tidzayambira pa maoda aang'ono amene mpamba wathu ungathe kuwanyamula ngati malipiro atachedwa.