Lipoti la ulendo wa ku Makata: makapasita a pa wekishopu ya zitsulo

Gulu lathu la amisiri a magetsi a ku Kasungu linapita ku Blantyre kukacheza ndi anzathu a wekishopu ina ya zitsulo ku Makata, ndipo ine ndinapatsidwa udindo wolembera amene anatsala. Anatilandira bwino, anationetsa makina osulira zitsulo, kompuresa ndi mbali yowotcherera. Koma pamene tinatherapo nthawi ndi pa kabokosi ka makapasita kamene kali pambali pa bolodi yaikulu ya magetsi.

Mkulu woona za magetsi pa wekishopupo, bambo achikulire amene tsitsi layamba kuyera, anayamba ndi kutiuza chimene chinawakakamiza kugula makapasitawo. Iwo ali m'gulu la makasitomala akuluakulu a ESCOM, amene salipira ma kWh okha koma amalipiranso ma kVA apamwamba amene mita yajambula m'mweziwo. Mamota awo ambiri ndi akale, ndipo ena amangozungulira osasenza katundu wokwanira. Mota yotere imakoka magetsi awiri nthawi imodzi: ena amasanduka ntchito, ndiwo ma kW, ena amangopanga maginito m'makoyilo n'kubwerera kumene achokera, ndiwo ma kvar. Iwo anati magetsi achiwiriwa ali ngati munthu wokwera minibasi amene amapita n'kubwera osatsika: safika kulikonse koma mpando wautseka. Kapasita yolumikizidwa pambali pa katunduyo imapereka ma kvar amenewa pomwepo, ndiye sayendanso mtunda wonse kuchokera ku thiransifoma.

Kenaka anatitulutsira kope limene analembamo zoyeza zawo asanaike chilichonse. Anayeza nthawi imene makina ambiri anali pa ntchito, ndi mita yopana waya imene imaonetsa kW. Anagogomeza kuti mita yoonetsa maampu okha siyikwanira, chifukwa siyikuuza gawo limene likugwira ntchito. Anapeza mavoti 400 pakati pa mafezi, maampu 62 pa fezi iliyonse ndi 30 kW. Kuchulukitsa 1.732 ndi 400 ndi 62 kumapereka 43 kVA. Kugawa 30 ndi 43 kumapereka 0.70, ndipo imeneyi ndiyo inali pawa fakita yawo. Iwo anafuna kufika pa 0.95. Masamu ake anatilembera pa chitsulo ndi choko:

```
Qc = P × (tan φ1 − tan φ2)
Qc = 30 × (1.020 − 0.329) = 20.7 kvar
```

Nambala 1.020 ndi ya pawa fakita ya 0.70, ndipo 0.329 ndi ya 0.95. Poti makapasita amagulitsidwa m'masayizi okhazikika, anasankha 20 kvar. Mnzathu wina wachinyamata anafunsa kuti, "Bambo, ndiye ndi mamaikurofaradi angati amenewo?" Iwo anayankha kuti zimadalira kalumikizidwe. M'kalumikizidwe ka delita kapasita iliyonse imaona mavoti 400, magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo 2 × 3.14 × 50 ndi 314, ndiye:

```
C = 20000 ÷ (3 × 314 × 400²) ≈ 133 µF
```

Imeneyi ndi ya fezi iliyonse. M'kalumikizidwe ka sitala pangafunike katatu kake, pafupifupi 400 µF, n'chifukwa chake makapasita a mafezi atatu ambiri amakhala a delita.

Zotsatira zake tinaziona ndi maso athu. Anazimitsa makapasita, mita n'kukwera kufika pafupi ndi maampu 62. Atayatsanso, inatsika kufika pa 46, makina onse akulirabe chimodzimodzi. Ma kVA anachoka pa 43 kufika pa 32. Popeza kutentha kwa waya kumayenda ndi maampu ochulukitsidwa okha, kebulo yochokera ku mita tsopano imataya mphamvu yoposa pang'ono theka la imene inkataya kale. Ine ndinaigwira kebuloyo kunja kwake, inali yofunda pang'ono chabe, pamene iwo akuti kale inkatentha ndithu masana.

Chimene ndikufuna kuti anzanga amene sanapite achigwire bwino ndi ichi. Ma kvar olembedwa pa kapasita ndi a mavoti amene alembedwa pomwepo. Iwo anationetsa kapasita yolembedwa 20 kvar pa 440 V, n'kutifunsa kuti ipereka zingati pa 400 V. Ambiri tinati 20. Ayi ndithu. Ma kvar amatsika ndi mavoti ochulukitsidwa okha, ndiye 400 kugawa ndi 440, n'kuchulukitsa yankholo ndi lokha, kumapereka 0.826, ndipo kapasitayo ipereka 16.5 kvar basi. Kugula ya 440 V n'kwanzeru chifukwa imapirira mavoti akakwera, koma uyenera kuwerengeratu kuchepaku usanapereke ndalama. Njira yodziwira ndi yosavuta: 20 kvar yeniyeni pa 400 V imakoka pafupifupi maampu 29 pa fezi iliyonse. Ukapana waya n'kupeza 24 pa mafezi onse, ndiye kuti uli ndi 16.5 ija. Ukapeza kuti mafezi asiyana kwambiri, gawo lina lafa m'kati kapena fyuzi yapsa. Kapasita yotupa pamwamba nayonso yatha ntchito, ichotsedwe.

Wina anafunsa chifukwa chimene sanakankhire mpaka 1.0. Iwo anati kuchoka pa 0.95 kufika pa 1.0 kungafune 10 kvar ina kuti apulumutse ma kVA osakwana awiri, ndalama zambiri pa phindu lochepa. Choopsa china n'chakuti katundu wa wekishopu sakhazikika. Nthawi ya nkhomaliro makina akazimitsidwa, 20 kvar yonse ikatsala pa laini, ma kvar amachuluka kuposa ofunika, pawa fakita imatembenukira mbali inayo ndipo mavoti amakwera. Pa jenereta ndiye zimavuta kwambiri, chifukwa choongolera mavoti chake chimasokonezeka. N'chifukwa chake 20 kvar yawo anaigawa m'magawo atatu, 5, 5 ndi 10, gawo lililonse ndi kontakita yake, ndipo kachipangizo kowerenga pawa fakita n'kamene kamalowetsa ndi kutulutsa magawowo. Tili chiimire tinamva kontakita imodzi ikugunda kompuresa itangoima. Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, amayamba atsekeratu bokosi lonselo.

Anatichenjezanso za makina owotcherera a inveta ndi madiraivu osintha liwiro la mota. Amenewa amadetsa magetsi ndi mahamoniki, ndipo kapasita imakoka mahamonikiwo mpaka kutentha. Kumene kuli makina ambiri otere, gawo lililonse limafuna koyilo yake yotchingira, kawirikawiri ya 7 peresenti, ndipo kapasita isalumikizidwe konse pakati pa diraivu ndi mota yake. Asanatsegule chitseko cha bokosi anazimitsa, anadikira mphindi zingapo, n'kuyeza ndi mita kuti atsimikize kuti mulibe mavoti otsalira. Anati zotsitsira magetsi za m'kati zikhoza kufa iwe osadziwa.

Funso lomaliza linachokera kwa mayi wina wa m'gulu lathu amene ali ndi shopu yowotcherera ya mita ya mayunitsi. Anafuna kudziwa ngati kapasita ingawapulumutsire mayunitsi. Bambo aja sanabise: "Mayi, mita yanu imawerenga kWh, ndipo ma kWh sasintha kwenikweni. Kwa inu phindu likhoza kukhala bureka kusiya kugwa ndi mavoti kukhazikika, osati mayunitsi." Tinagwirizana kuti tisonkhe ndalama zogulira mita yoonetsa kW, ndipo tiyambe ndi kuyeza chigayo cha membala wathu wa ku Santhe chikugaya ndiponso chikungozungulira, tisanamuuze sayizi ya kapasita yoti agule.